Masamu Anga Anathera pa Sowo

Pa Milepa ndimadziwika ngati munthu wochenjera, makamaka ndikamadzinena ndekha. N'chifukwa chake nditafuna mafelemu awiri a zitseko za nyumba yathu yatsopano, ndinakana kulipira kalipentala. Ndinati kodi thabwa lili ndi ubongo woti lingandipusitse?

Felemu lililonse limafuna zoimirira ziwiri za mafiti 7 ndi chopingasa chapamwamba cha mafiti 3. Mafelemu awiri ndiye mafiti 34. Ndinakagula ku Limbe matabwa awiri a folo bai thu, lililonse mafiti 18, onse pamodzi 36. Ndinafika pakhomo ndikuyenda monyang'wa, n'kuuza mayi akunyumba kuti mafiti 2 otsalawo ndiwapatsa akasonkhere moto.

Ndinayamba ndi tating'ono, poti sitichedwa kudula. Pa thabwa loyamba ndinachotsa 3, kenako 3 wina, kenako 7, panatsala 5. Pa lachiwiri ndinachotsa 7 kawiri, panatsala 4. Nditawerenga, zoimirira zinali zitatu basi. M'manja ndinali ndi mafiti 9 athunthu, ochuluka kuposa 7 amene ndinkafuna, koma ali m'zidutswa ziwiri zosadziwana. Ndinazigundanitsa, ndinazipempherera, sizinalumikizane.

"Abambo, kodi chitseko chinacho chiziimira mwendo umodzi ngati kakowa?" anafunsa mayi akunyumba, osasiya kupeta.

Ndinazemba madzulo kupita kwa kalipentala yemwe uja. Anandilandira mwaulemu wopweteka. Anatenga pensulo kukhutu n'kulemba pa chikatoni: 7, 7, 3. Pansi pake analembanso 7, 7, 3. Thabwa lililonse mafiti 17, n'kutsala futi imodzi yokha.

"Achimwene, muziyamba kugawa zazitali musanagwire sowo. Zazifupi zimapeza malo pa zotsala, koma chachitali sichibadwa kuchokera ku chachifupi."

Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinati futi yotsalayo ndiye kuwononga. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti futi imeneyo ndi imene imapulumutsa munthu, chifukwa kumapeto kwa thabwa kumakhala ming'alu yofunika kudula, ndipo sowo nayo imadya. Ikadutsa kamodzi, pafupifupi mamilimita 3 amasanduka utuchi. Wofuna zidutswa zitatu za mafiti 6 pa thabwa la 18 amapeza chomalizacho chaperewera pang'ono. Anandifunsanso ngati ndinayeza matabwawo pogula, poti ena amangotchedwa 18 ngati dzina laubatizo. Ndinayang'ana kumbali.

M'mawa mwake ndinakweranso minibasi ya ku Limbe kukagula thabwa lachitatu, lathunthu, chifukwa cha chidutswa chimodzi. Kondakitala analilipiritsa ngati munthu.

Pakhomo tsopano pali zotsala za mafiti 11, 5 ndi 4. Alendo akafunsa ndimati ndi za khola la nkhunda limene ndinalikonzekera kalekale. Mayi akunyumba amangowonjezera kuti nkhundazo tilibe.