Nthabwala za M'malire: Womasulira Akaphonya

Ku Mchinji uthenga umodzi wa pa WhatsApp umatha kusakaniza Chichewa, Chinyanja cha ku Zambia ndi tinkhope tachikasu. Wina akajambula machezawo n'kukupatsani kuti mumumasulire, mwasenza mlandu.

*

Bambo wina wa ku Kamwendo anakongoza soya kwa mnzake wa ku Chipata. Uthenga unabwera woti, "Nizatuma mailo mudala." Mdzukulu anati, "Akuti anatumiza dzulo, agogo." Bamboyo anakwera kabaza kupita kwa ejenti, n'kuyamba kumutcha wakuba. Ejenti ataona chithunzicho anati, "Bambo, ndalama za mawa sindinayambe kupereka." Ku Zambia "mailo" ndi dzulo, ndi mawanso. Chosiyanitsa ndi mneni: "ninatuma" ndi zochitika kale, "nizatuma" ndi lonjezo chabe.

*

Mayi wina anaonetsedwa uthenga wa wogulitsa nsapato: "K500 chabe." Mwana anati, "Faivi handiredi basi, amayi!" Mayiyo anafika pa chipata cha Mwami atafumbata ndalama ya mandazi, akufuna mapeyala awiri. Mwanayo akanayang'ana nambala ya wotumiza. Ikayamba ndi +260 ndi ya ku Zambia, ndipo kawirikawiri kwachayo ndi ya komweko. Yathu imayamba ndi +265. Wogulitsa anangoti, "Mayi, iyi ndi ya zingwe zake, kapena?"

*

Kwa ankhoswe, mwamuna anaonetsa yankho la mkazi wake: "Zikomo bwana 🙄". Mphwake anawerenga mawu okhawo. Ankhoswe anati, "Mkazi waulemu chonchi mukumudandaula chiyani?" Mwamuna analumpha: "Werenganso maso akewo!" Kankhope koyang'ana kumwamba kaja ndi tsonyo la pa foni. Mphwakeyo anayenera kuwonjezera kuti, "Akunena monyoza."

Mphwake yemweyo anawerenganso mzere woti, "Pita kwanu kkkk," osatchula mwini mawu. Ankhoswe anayamba kudzudzula mkazi, mpaka wina anazindikira kuti mawuwo ali kumanja, m'kabokosi kobiriwira. Zakumanja ndi za mwini foni imene yajambulidwa. Foniyo inali ya mwamuna. Iye anayesa kuthawira ku "kkkk" kuti ankangoseka, koma nkhuku analipira ndithu.

*

Pa gulu la mpingo analengeza maliro. Agogo ena anayankha ndi 😂😂😂. Womasulira anauza anamfedwa kuti, "Agogo akuseka mpaka misozi." Banja linakwiya. Agogo atafunsidwa anati, "Ine ndinaona misozi, ndiye ndinalira katatu." Tanthauzo la kankhopeko ndi kuseka, inde, koma womasulira wanzeru amaona kaye kuti wolemba ndi ndani, ndipo nkhani ndi yotani.

*

Tsono inu omasulira, tchulani wolankhula pa mzere uliwonse, nenani kuti kwachayo ndi ya dziko liti, ndipo kankhope musakadumphe. Mukakayika, imbirani mwini uthenga agogo asanakwere kabaza.