Kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale kompyuta ikukuwa kuti wakuba

Makolo amene anapeka mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha sankalemba magiredi, n'chifukwa chake nthawi yoyang'anitsitsa nkhono anali nayo. Anapeza kuti maso ake ali kunsonga kwa tinyanga, koma ukangoigogoda imabweza zonse m'chigoba, iwe n'kumalumbira kuti kanyama kameneka kalibe maso. Alekichala a masiku ano nthawi yotereyi alibe. Patebulo pali ma asayimenti 300, magiredi akufunika Lachisanu, ndipo pakompyuta pulogalamu yofufuza zolemba za AI yaika 62% pambali pa dzina la wophunzira wina. Chala chogogodera nkhono chayamba kale kuyabwa.

Tiyerekeze kuti mwini dzinalo ndi mphunzitsi wa pulayimale wa ku Makhanga, kwa Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, amene akuwonjezera maphunziro kudzera m'sukulu yoyendera patali. Walemba za mmene kusefukira kwa madzi kumasokonezera sukulu. Nkhaniyi ku Makhanga sachita kuiwerenga m'buku, pakuti Ruo ndi Shire akhala akuwaphunzitsa mwaulere, makamaka mu Januwale 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Komabe makina akuti Chingerezi chake n'chosalala mokayikitsa.

Tisanatulutse kalata yomuitanira ku komiti yosungitsa mwambo, tifunse kaye kuti mboni yathuyi ndani. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo Turnitin inayamba kusonyeza nambala ya AI mu Epulo 2023. Nambalayo sikutanthauza kuti makina akhulupirira ndi maperesenti 62 kuti munthuyu waba. Ikungonena kuti pa ziganizo zimene awerenga, gawo lalikulu chotero likufanana ndi kalembedwe ka makina. Kale, pulogalamu ikagwira wokopera, inkakuonetsa buku kapena tsamba limene wakoperapo, iwe n'kuika ziwirizo pambalipambali. Apa palibe choika pambali. Makinawo amangoyeza ngati mawu akutsatana m'njira yosavuta kuilosera, ndipo akaona choncho amakweza dzanja.

Vuto n'lakuti kulemba kosavuta kulosera ndi kumene tinakwapulidwira kusekondale. Tinaphunzitsidwa kuyamba ndi mawu oyamba, kundandalika mfundo yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, kenako kumanga nkhani ndi mawu omwe aja amene kalasi yonse inaloweza pokonzekera MSCE. Munthu amene analira m'Chisena, n'kuphunzira m'Chichewa, Chingerezi n'kuchipeza chachitatu, sayerekeza kuvina ndi mawu achilendo. Amaponda pomwe akudziwa kuti sipaterera. Mu 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu 7 otere pa zimangirizo 91 za mayeso a TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo. Mapulogalamuwo ananamizira pafupifupi 61 pa 100 iliyonse kuti n'zamakina, pamene zolemba za ana a sukulu a ku Amerika anazizindikira bwinobwino kuti n'za anthu. Chaka chomwecho kampani ya OpenAI, mwini wake wa ChatGPT, inatseka pulogalamu yake yofufuzira mu Julayi chifukwa inkaphonya kwambiri. Ngati kholo lalephera kuzindikira mwana wake, ife oyandikana nalo nyumba tichepetseko kulumbira.

A Turnitin eni ake amati amanamizira mapepala osakwana limodzi pa 100, ndipo nambala ikachepera 20% amangoika kanyenyezi chifukwa pamenepo saidalira. Limodzi pa 100 likumveka laling'ono mpaka utaliwerengera. Ophunzira 300 akalemba ma asayimenti anayi, mapepala ndi 1,200, ndipo limodzi pa 100 ndi mapepala 12 a anthu osalakwa. Yunivesite ya Vanderbilt ku Amerika inachita samu yomweyi pa mapepala 75,000 a chaka chimodzi, inapeza 750, n'kuzimitsa pulogalamuyo mu Ogasiti 2023. Ya Cape Town nayo inasiya kuigwiritsa ntchito mu 2025. Apa sitikuti obera kulibe. Likasa silinafe, linangosamukira m'foni. Tikungoti nambalayo ndi chifukwa chofunsira munthu, osati chigamulo.

Kudekha kumayamba lekichala ali yekha. Atseke lipotilo, awerenge pepala ndi maso ake, cholembera kumanja. Atenge mabuku atatu kapena anayi amene wophunzira watchula, afufuze ngati alikodi, chifukwa makina olemba amakonda kubereka mabuku amene sanasindikizidwepo n'kuwapatsa alembi enieni. Buku lopeka ndi umboni wogwirika kuposa peresenti iliyonse. Aone ngati nkhaniyo ikununkha Makhanga. Wolemba yekha atchula makalasi amene anasanduka msasa wa othawa madzi ndi marejisitala amene ananyowa, pamene makina angolankhula za "madera akumidzi a m'mayiko osauka" ngati mlendo wa pa wekishopu. Afananize ndi zimene munthuyu analemba pamayeso a m'kalasi. Pomaliza adzifunse chimene analamula poyamba. Ngati sananene kuti Grammarly kapena pulogalamu yomasulira n'zoletsedwa, asakhazikitse lamulo lero n'kuligwiritsa ntchito pa mlandu wa dzulo. Chimodzi chokha asachite: kutenga pepalalo n'kukafunsa ChatGPT ngati ndi imene inalemba. Mphunzitsi wina ku Texas anatero mu 2023, makinawo n'kuvomera mapepala a ophunzira ambiri ngati munthu wovomera mbuzi zonse za pamsika.

Kenako uthenga woitana. Apa ndi pamene ambiri timagogoda chigoba. "Mubwere ku ofesi mawa, mukudziwa chimene mwachita" ndi uthenga umene umauza munthu kuti ayambe kusaka bodza, ngakhale alibe cholakwa. Komanso mawa la ku Makhanga si mawa la ku Zomba. Chidukireni njira pa Chiromo mu 1997, ofuna kufika pa Bangula akhala akuwoloka pabwato, ndipo nthawi ya dzinja Shire safunsa kuti ndani ali ndi nthawi yokumana ndi alekichala. Uthenga wabwino unene zoona mofatsa: "Aphunzitsi, pulogalamu yathu yaika chizindikiro pa asayimenti yanu. Imalakwitsa nthawi zina, ndipo sindinagamule kanthu. Ndikufuna ticheze mphindi 20 za mmene munailembera. Sankhani tsiku sabata yamawa, pafoni kapena pamaso, mukonze manotsi ndi zimene munayamba kulemba. Mukafuna kukhala ndi mnzanu womvera nawo, n'zololedwa."

Tsiku likafika, mafunso akhale ndi ndondomeko, ndipo lipoti la makina libwere kumapeto. Yambani ndi nkhani yeniyeniyo: "Tandiuzani m'mawu anu, mfundo yanu yaikulu inali yotani?" Ngati Chingerezi chapakamwa chikumuthawa, muloleni afotokoze m'Chichewa, pakuti lero tikuyesa umwini wa maganizo, osati lilime. Chachiwiri, kalembedwe: anayambira pati, buku ili analipeza kuti, ndi ndime iti imene inamuvuta. Chachitatu, lozani ndime imodzi yokayikitsa n'kufunsa kuti, "Apa munati chakuti, mumatanthauzanji? Mungandipatse chitsanzo cha kusukulu kwanu?" Chachinayi, funsani za zipangizo ngati mmene mungafunsire za kabaza: "Munagwiritsako ntchito chiyani pokonza galamala kapena pomasulira?" Mukafunsa, khalani chete. Nkhono imatulutsa tinyanga pamene wogogoda waleka, ndipo ife alekichala kukhala chete kumatiwawa kuposa kuchedwa kwa malipiro.

Mphunzitsi wathu uja akhoza kuyankha motere: "Madamu, ndinalemba m'kope usiku ndi tochi. Loweruka ndinawoloka kukataipitsa pa Bangula. Mnyamata wotaipayo anati Chingerezi changa n'cholimba, achifewetsa." Akutumiza zithunzi za masamba a kope pa WhatsApp. Mfundo n'zomwezo, ndondomeko n'njomweyo, mabuku aliko, koma ziganizo zadzozedwa mafuta. Ndime ya makalasi osanduka msasa akuifotokoza mpaka lekichala kuyang'ana wotchi. Uyu sanabe maganizo. Wachita ulesi wosawerenganso zimene wamutaipira mnyamata uja, ndipo mankhwala ake ndi chenjezo ndi kulembanso, osati kuchotsedwa sukulu.

Apa pali msampha umene alangizi akunja sauona. Iwo amati wophunzira aonetse Version history ya mu Google Docs, ndipo n'zoona kuti ikakhalapo imathandiza, chifukwa imasonyeza ngati pepala linakula pang'onopang'ono kapena linagwa lonse kamodzi ngati papaya. Koma wolemba m'kope, kapena pafoni yobwereka yopanda bando, mbiri imeneyo alibe. Kusowa kwake si umboni. Mantha nawonso si umboni. Munthu woleredwa bwino wa kuchigwa sayang'ana wamkulu m'maso, amayankha kuti "inde" posonyeza kuti akumva, osati kuti wavomera mlandu. Katswiri wa likasa ndi amene amakuyang'anani m'maso osaphethira, ndipo kawirikawiri pepala lake limatuluka ndi 0% chifukwa analichapa kale m'pulogalamu ina yosintha mawu.

Nthawi zina kucheza kumathera poipa. Wophunzira sakudziwa tanthauzo la mawu ali m'mutu wa pepala lake, mabuku awiri kulibe padziko, ndipo pepala likunena za ana opita kusukulu pa basi yachikasu. Zikatero lekichala asasanduke wapolisi, woimira boma ndi woweruza pampando umodzi. Alembe zimene anafunsa ndi zimene anayankhidwa, tsiku ndi amene analipo, amuwerengere wophunzirayo kuti akonze pamene sanamvedwe bwino, kenako apereke nkhaniyo ku komiti monga mwa malamulo a koleji. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu woti akuluakulu amuchitire zinthu motsata chilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu wake. Lekichala amene chifukwa chake chonse ndi "kompyuta yatero" adzatuluka thukuta loya akadzamufunsa kuti kompyutayo ibwere ilumbire.

Ndipo ngati munthu wapezeka wosalakwa, auzidwe momveka, m'kalata, kuti nkhani yatha ndipo giredi yake ndi iyi. Tili ndi chizolowezi choti tikanamizira munthu timangokhala chete n'kumamupatsa moni wochuluka kuposa kale. Mphunzitsi uja wawononga ndalama ya bwato, yuniti ndi tulo ta sabata yathunthu. Mawu akuti "pepani, makina analakwitsa" alibe mtengo, ndipo pa zonse zimene koleji inagula chaka chimenecho, ndi okhawo amene safuna laisensi ya madola.