Ndalama zili m'fayilo, nanga kubanki zilipo?

Kodi zimatheka bwanji kuti fayilo ya bajeti ionetse kuti bungwe lalandira K34 miliyoni, munthu amene ankaisamalira n'kulemba kuti nambalayo tisaikhulupirire? Ine ndine msungichuma wa komiti ya kabungwe kolipirira ana fizi. Kusayina cheke ndi kuwerenga malisiti ndimatha, koma fayilo ya Excel inali m'manja mwa mayi amene ankatisungira mabuku a ndalama. Pochoka ntchito anatisiyira kalata yofotokoza mmene fayiloyo imayendera ndi pamene ingatipusitse. Kalatayo ndi yomveka bwino, komabe ndime iliyonse ikundisiya ndi funso.

Mayiwo ayamba ndi kamangidwe ka fayilo. Ili ndi masamba atatu. Pa `Budget` pali zimene tinakonza kugwiritsa ntchito, pa `Actuals` pali zimene zatulukadi, ndipo pa `Rates` pali mtengo wa dola. Kenako alemba kuti: "Kabokosi koopsa kwambiri m'fayilo yonseyi ndi B2 pa tsamba la `Rates`. Musakasinthe musanawerenge ndime ili m'munsiyi." Kabokosi kamodzi kokha? Kangaopse bwanji pakati pa timabokosi tambirimbiri?

Yankho lawo ndi lakuti otithandiza amalonjeza ndalama m'madola, pamene ife timagula zinthu m'makwacha. Choncho mzere uliwonse wa ndalama zolowa umatenga madola n'kuchulukitsa ndi nambala ya m'kabokosi kaja:

```
=B5*Rates!$B$2
```

Apa ndinaganiza kuti imeneyi ndi nzeru yabwino. Dola ikakwera, usintha malo amodzi, fayilo yonse n'kudzikonza yokha. Nanga vuto lili pati?

Mayiwo afotokoza ndi zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Thandizo lathu la chaka chimenecho linali madola 20,000, obwera m'zigawo ziwiri zofanana. Gawo loyamba linafika kwacha isanagwe, banki n'kulisintha pa K1,180, ndipo tinalandira K11.8 miliyoni. Gawo lachiwiri linafika kwacha itagwa kale, n'kubala K17 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K28.8 miliyoni. Koma ukalemba 1700 m'kabokosi kaja, fomula sidziwa kuti gawo loyamba linasinthidwa kalekale. Imachulukitsa madola onse 20,000 ndi mtengo watsopano, n'kuonetsa K34 miliyoni.

Ndinawerengera ndekha papepala, ndipo ndi momwemodi. Kusiyana kwake ndi K5.2 miliyoni. Ndalama zimenezi zili kuti? Kubanki kulibe, kwa otithandiza kulibe, ndipo palibe amene anaziba. Sizinakhalepo chiyambire. Koma komiti ikanaziona papepala la lipoti, kodi sikanavomereza kutenga ana ena owonjezera? Tikanawauza chiyani makolo awo teremu yachiwiri, fizi itasowa?

Ndiye bwanji osangokonza fomulayo? Mayiwo alemba kuti anakonza mizere ya chaka chimenecho: gawo lililonse analipatsa mtengo wake, womwe uli pa sitetimenti ya kubanki ya tsiku limene ndalamazo zinalowa. Koma mzere watsopano munthu akaukopera kuchokera pa mizere ya ndalama zimene tikuyembekezera, umabwera ndi fomula yoloza ku B2. Lamulo lawo ndi ili: B2 ndi wa madola amene sanafike, koma pa amene afika, lembani makwacha enieni amene banki yakupatsani. Njira yodziwira ngati zasokonekera ndi yapafupi. Sinthani B2 pang'ono, muone ngati ndalama za miyezi yapita zasuntha, kenako bwezerani nambala yake. Zikasuntha ndiye kuti pali mzere wolakwika, chifukwa ndalama imene inalowa kale singakule kapena kuchepa lero.

Chimene chikundivutitsa mtima n'chakuti fayilo siichenjeza. Ndinkayesa kuti kompyuta ikalakwitsa imaonetsa chizindikiro. Kodi si ntchito yake imeneyo? Mayiwo akuti imadandaula makamaka fomula ikathyoka, monga ikalemba `#REF!` chifukwa wina wafufuta mzere umene fomula imadalira. Fomula ikakhala yamoyo koma ikuwerengera zolakwika, nambala imatuluka yooneka bwinobwino.

Apereka chitsanzo china chachifupi. Zonse zotuluka zimaphatikizidwa motere:

```
=SUM(D5:D24)
```

Wina akawonjezera mzere wa 25, mwina wa mafuta a galimoto, nthawi zina fomula imatsalira pa D24, mafutawo osawerengedwa. Akuti mukawonjezera mzere muziulowetsa pakati, osati kumapeto, ndipo muzidina pa kabokosi ka zonse pamodzi kuti muone ngati malire ake afika pa mzere womaliza. Komanso pali timabokosi tiwiri timene anatipaka chikasu, mmene munthu wina analembamo nambala pamanja pamwamba pa fomula. Timeneti sitisintha ngakhale zina zonse zisinthe. Anachitiranji zimenezi? Mwina ankathamangira lipoti. Koma bwanji sanasiye mawu pambali pake?

Mbali yomaliza ya kalata ndi imene ndaiwerenga mobwerezabwereza. Ikunena za ndalama zimene zili kubanki koma si zathu. Izi poyamba sindinazimve. Akaunti ndi ya bungwe, dzina ndi la bungwe, ndiye ndalamazo ndi za yani?

Akuti taonani tsiku lotsatira malipiro. Msonkho wa PAYE umene tadula pa malipiro a antchito udakali mu akaunti, koma ndi wa MRA, ndipo uyenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Penshoni nayonso idakali momwemo: 5 peresenti imene tadula kwa wantchito ndi 10 peresenti imene bungwe limawonjezera. Pa malipiro a K2 miliyoni, za penshoni zokha ndi K300,000. Palinso macheke amene tasayina koma eni ake sanapite nawo kubanki, ndi katundu amene taitanitsa koma invoisi sinafike. Tsamba la `Actuals` limalemba ndalama ikatuluka basi, choncho zonsezi sizioneka. Ndipo pa zotsalazo, zambiri zinabwera ndi ntchito yake: za fizi sizingagule matayala, ngakhale galimoto itaima.

Ndiye ndikaona K6 miliyoni pa sitetimenti, ndinganene kuti tili ndi zingati? Mayiwo akuti musayankhe musanachotse msonkho, penshoni, macheke oyenda ndi ndalama za fizi. Iwo ankachita zimenezi mwezi uliwonse m'kabuku kawo, ndipo m'fayilo mulibe tsamba lake. Apa ndiye sindikumvetsa kwenikweni. Ngati nambala yofunika kwambiri pa bungwe ndi ya ndalama zimene tingagwiritsedi ntchito, inkakhala bwanji m'kabuku ka munthu mmodzi? Ife a komiti tinkalandira lipoti, n'kuvomereza. Mayiwo akanadwala mwezi wathunthu, ndani akanadziwa zoti achotse?

Sindikuwaimba mlandu. Munthu amene walemba poyera malo ofooka a ntchito yake watichitira chifundo chachikulu, ndipo ndikuwathokoza kuchokera pansi pa mtima. Koma akauntanti watsopano akabwera, ndikufuna tikhale naye pansi, fayilo ili pakompyuta, sitetimenti ili patebulo. Ndidzamupempha kuti zowerengera za m'kabuku zija zikhale tsamba lachinayi la fayilo, ndiponso kuti atiuze ngati nambala za m'timabokosi tachikasu tija zili ndi lisiti kapena kalata yozichitira umboni.