Mafuta a tsitsi amene anandiyalutsa

Kampani ina yaing'ono inanditumizira mabotolo a mafuta a tsitsi ndi kandalama pa foni kuti ndiwatamande pa Instagram. Ndinavala wigi yanga ya ku ukwati, n'kunyamula botolo, n'kudzijambula. Pansi pa chithunzicho ndinalemba ndime yaitali yonena kuti tsitsi langa latsitsimuka, ndipo kumapeto kwenikweni, pakati pa mulu wa mahashitagi, ndinaponyapo #sp. Mumtima ndinati ndaulula, ngakhale palibe amene aone.

Mawa lake azakhali anaimba foni. "Iwe mwana, mafuta ako aja ndagula mabotolo atatu, ndauzanso amayi a kumvano. Tsitsi lako lakula chonchi ndi omwewa?"

Ndinangoti kakasi. Botolo langa linali losatsegula.

Msuweni wanga wa ku Manchester, amene amagwira ntchito yotsatsa malonda, ndiye anandikhazika pansi. Anati nditsegule uthengawo pa foni yake. Instagram imaonetsa mizere yoyamba yokha, yotsalayo imabisala kuseri kwa more, ndipo ambiri sadina pamenepo. Choncho mawu oti walipidwa ayenera kukhala poyambirira, munthu asanawerenge chitamando. Anati ku Britain bungwe la ASA limafuna mawu omveka ngati Ad, ndipo zidule monga #sp kapena kungoti "zikomo akampani" sizikwanira. Pamwamba pa chithunzi uyatsenso chizindikiro cha Paid partnership.

"Nanga akanangondipatsa mafuta popanda ndalama?" ndinafunsa.

"Mphatso ndi malipiro ndithu. Uzinena. Komanso ngakhale utaulula, sunganene kuti chinthu chakuthandiza usanachiyese."

Anandikumbutsa za Kim Kardashian. Mu 2022 anavomera kulipira madola 1.26 miliyoni ku bungwe la SEC la ku America chifukwa chotsatsa ndalama za pa intaneti za EthereumMax. Iye #AD anaikapo, koma malamulo a malonda amtunduwo amafuna kuti unenenso ndalama zomwe walandira, ndipo madola 250,000 akewo sanawatchule. Ine ndinaliribe ngakhale #AD.

Ndinakonza uthengawo m'Chichewa, poti onditsatira ambiri amawerenga chimenecho. Mzere woyamba unati: "Ad. Malonda olipidwa: kampaniyi yandipatsa mafutawa ndi ndalama. Sindinawayesebe, ndipo tsitsili ndi wigi." Akampani anakwiya, nati nanga atilipirira chiyani choterechi. Kandalama kaja kanathera kubweza za mabotolo a azakhali, ndipo amayi a kumvano akudikirabe zawo.

Tsopano onditsatira sandikhulupiriranso msanga. Dzulo ndinaika chithunzi cha nsima ya chambo yomwe ndinaphika ndekha, wina n'kufunsa kuti, "Achemwali, chambochi chakulipirani zingati?"