Ulendo Woyezera pa Ntchafu

Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Adada a pa Boma la Mzimba anasiya kuyeza mtunda ndi makilomita. Masiku ano amayeza ndi ntchafu. Lamulo la makondakitala nlodziwika: mwana wapamiyendo salipira, koma akangogunditsa thako pampando, ndi pasinjala wathunthu ngati mphunzitsi wamkulu. Adada ali ndi ana atatu, wa zaka 9, wa zaka 6 ndi chitsirizira wa zaka 3. Iwo ndi Amama ali ndi miyendo inayi. Pa masamu a Adada, banja lonse liyenera kuyenda pa mipando iwiri, mwendo umodzi nkutsala wa chikwama.

Sukulu zitatsekera chaka chotsatiracho, banja linakhala pansi kuti lisankhe kopita. Woyamba anafuna kukaona damu la Luwawa, m'nkhalango ya paini ya Viphya, chifukwa anzake anamuuza kuti kuli mabwato. Wachiwiri anafuna kulikonse kumene kuli tchipisi. Chitsirizira anafuna kukwera galimoto basi, kopitako analibe nako ntchito. Amama anafuna kwa Agogo ku Embangweni, ndipo ananena motsitsa mawu, kusonyeza kuti nkhani inali itatha kale.

Komabe Adada, monga mutu wa banja, anayamba kuyeza malo onse pa ntchafu zawo.

Luwawa inagwa poyamba. Minibasi imakutulani pamsewu wa M1, ndipo kuchoka apo mpaka kudamu ndi msewu wafumbi wolowa m'nkhalango, wofuna galimoto yanuyanu kapena njinga yamoto ya kabaza. Pa njinga yamoto ntchafu sizithandiza, chifukwa zili kalikiliki kugwira njingayo. Ndiponso mwana wa zaka zitatu pafupi ndi madzi akuya amafuna munthu wamkulu mmodzi womuyang'ana yekhayo tsiku lonse, ndiye kuti wina mwa makolo wapita kukagwira ntchito ya ulonda atalipira yekha thiransipoti.

Phiri la Hora linagwa lachiwiri, ndipo ili linawawawa Adada. Kumeneko mwezi wa Ogasiti kumakhala Umthetho, chikondwerero cha Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Kuli ingoma, zishango, nthenga ndi nyama, zinthu zoti mwana wa zaka 9 angazikumbukire mpaka imvi. Koma Adada anayesapo kale. Ingoma imakoma, koma pakati pa magule pamakhala zolankhula za akuluakulu, ndipo mwana wamng'ono sadziwa kusiyana kwa nduna ndi mlaliki: onse amamugonetsa kapena kumuliritsa. Pakhamu lotero mwana wamfupi amangoona misana ya anthu. Tsiku limenelo ana anachoka pa ntchafu nkukwera pakhosi, ndipo Adada anabwerako atamva ingoma yonse koma ataona zidendene za mwana wawo zokha.

Choncho Embangweni inapambana, monga mmene Amama ananenera pachiyambi.

Nzeru zenizeni za ulendowu zinali m'chikwama cha Amama. Anaphika mbatata ndi mazira usiku, chifukwa minibasi sinyamuka ndi wotchi koma ikadzadza, ndipo mwana wanjala padepoti amaloza chilichonse chodutsa pawindo. Analongedza majuzi, poti mphepo ya m'mapiri a Viphya sidziwa kuti dzuwa latuluka. Anaika jumbo yopanda kanthu pamwamba penipeni, ya mwana wachiwiri, amene mimba yake sigwirizana ndi makona. Ameneyo amakhala kuwindo, amayang'ana kutsogolo, ndipo sadya zamafuta mpaka atatsika. Chizindikiro chake Amama amachidziwa: akasiya kulongolola nkuyamba kumeza malovu, jumbo itseguke.

Padepoti kondakitala anawerenga mitu, kenako anayang'ana woyamba uja.

"Bwana, uyu ndi wamkulu. Alipire."

"Achimwene, ameneyu ndi khanda," anatero Adada. "Wangotalika ndi mphepo."

Khandalo linali litanyamula buku la Sitandade 4. Anakambirana mpaka anagwirizana kuti mwendo umodzi, mwana mmodzi, ndipo mwendo ukatopa, mpando ulipiridwe. Adada anatenga akuluakulu awiriwo, wina kumanja wina kumanzere. Asanafike nkomwe pa M1, mwendo wamanzere unachita dzanzi. Podutsa m'mbali mwa nkhalango ya Perekezi, wamanja unatsatira mnzake. Pofika pa Jenda, Adada anatsika ngati thumba la chimanga, nkuima atagwira chitseko, akudikira kuti miyendo yawo ifike pa minibasi yotsatira.

Pa Jenda ndi pamene ulendo unakoma, ngakhale sipanali pa pulogalamu. Pali rodibuloko, ndipo chitsirizira anaima kuonerera apolisi akuimitsa malole, akukweza kadzanja kake nayenso. Wachiwiri anapeza tchipisi chake pachiwaya. Woyamba anapatsidwa ndalama kuti akagule tomato ndi anyezi wa Agogo, ndipo ananenerera mtengo mpaka mayi wogulitsa anamuikira basela. Amama anakumana ndi mnzawo wakusukulu. Kwa ola lathunthu panalibe wolira, ndipo zonsezi zinachitika aliyense ataima pa miyendo yakeyake.

Kenako panabwera galimoto yachiwiri, yolowera ku Embangweni. Apa Adada anaphunzira kuti ana amapirira galimoto imodzi, koma yachiwiri amaitenga ngati chilango. Phula linatha atangoyenda makilomita pafupifupi 15, ndipo bampu iliyonse inkakweza ana awiri m'mwamba nkuwabwezera pa ntchafu zomwe zija, ngati musi mumtondo.

Pampando wakutsogolo panali mayi wina atafukata mwana wotentha thupi, akupita naye kuchipatala cha mishoni ku Embangweni. Iyeyo sanasankhe kopita, ndipo sanali pa holide. Msewu wa Jenda mpaka ku Edingeni andale akhala akuulonjeza chisankho ndi chisankho, ndipo amene amaulonjezawo amadutsamo pa galimoto zazikulu, aliyense ndi mpando wake. Adada sanasekenso mpaka anafika.

Ku Embangweni anayesa kubweza ndalama zawo ndi maphunziro. Anaimika ana kutsogolo kwa tchalitchi, nkuwafotokozera kuti mishoniyi, yotchedwanso Loudon, anaiyambitsa ndi Donald Fraser mu 1902 atasamuka ku Hora. Woyamba anafunsa ngati Fraser ankalipira mpando. Wachiwiri anafunsa ngati panali tchipisi. Chitsirizira anali atathamangira kale mbuzi.

Kwa Agogo ana anasowa masiku atatu. Ankadzuka m'mawa kukatsegulira ng'ombe ndi asuweni awo, kukwera ngolo, kukazinga mtedza, nkubwera madzulo ali mbuu, tulo tili m'maso. Panalibe tikiti yolowera, panalibe zolankhula za akuluakulu, ndipo panali azakhali okwanira kulondera mwana aliyense. Adada anakhala pansi pa mtengo wa mango atatambasula miyendo, magazi akubwerera pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi.

Pobwerera, kondakitala wina anakana zokambirana, ndipo woyamba analipiridwa mpando. Anakhala ngati bwana, mikono atapinda, osayang'ana nkomwe makolo ake. Adada anawerenganso: ana awiri, miyendo inayi, iwiri yotsala. Anauza Amama monyadira kuti chaka chamawa banja lili ndi malo okwanira, mwina nkufika mpaka ku Luwawa.

Amama anayang'ana pawindo kwa kanthawi, akusenda dzira.

"Bambo a ana," anatero, "mwendo umodziwo musaulonjeze kwa munthu. Ukhala ndi mwini wake pofika Malichi."