Kwa Alamu a pa Chitakale, za Sienta Ija

Turffontein, Joni

Okondedwa Alamu,



Zithunzi za Sienta imene mukuti ndigule, kuti izinyamula anthu pakati pa Chitakale ndi Muloza, zandipeza, ndipo ikuwala ngati mkwatibwi. Koma popeza ndatha zaka 7 m'galaja ndikupala ndi kupenta magalimoto ogundidwa, kufikira eni ake amawagulitsa akulumbira kuti sanakhudzidwepo ndi ntchentche yomwe, ndaphunzira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chotero, ndisanaponde ku Mukuru ndi marandi anga, loleni ndikhale Tomasi, ndiyambe ndapisa chala m'mabala.

Choyamba, kodi galimotoyi inachitapo ngozi? Mlongo wanga anandilembera chaka chatha kuti munapatsana moni ndi mtengo wa bulugamu pa Limbuli, koma sananene amene anayamba kupereka moniyo. Pachithunzi, chitseko chakumanzere n'choyera kuposa zinzake, ndipo mpata wa boneti mbali imodzi ungalowe chala pamene mbali inayo sungalowe ndi tsitsi lomwe. Tengani maginito a sipika yakale, muwakulunge m'kansalu, muwayendetse pazitseko ndi pamadigadi: pamene akukana kumata, pamenepo pali phala lokhuthala limene ife timabisira zipsera. Chitseko chophwanyika sindichiopa, pakuti chimasinthidwa; chimene ndiopa ndi chasisi yopindika, imene imadziulula pakudya matayala mbali imodzi ndi pakukokera galimoto kutchire mukatayako chiwongolero pamsewu wowongoka. Mundiuzenso ngati kanyali ka eyabagi kamayaka potembenuza kiyi ndi kuzima patapita kamphindi, chifukwa kakapanda kuyaka konse, ndiye kuti wina anakatseka pakamwa.

Chachiwiri, kodi inagona kuti m'Malichi wa 2023, pamene Namondwe Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri, Ruo ndi Likhubula n'kusefukira? Galimoto yomwa madzi imachita ngati yachira, koma nthenda imatsalira m'mawaya, n'kudzadzuka mwini watsopano atalipira kale. Tukulani kapeti, suzumirani pogona tayala lapadera, ndipo mukoke lamba wapampando mpaka kumapeto; mukapeza matope ouma, dzimbiri pa njanji za mipando, kapena mzere wa madzi pa lambayo, musandibisire, pakuti chimene ndikufuna ndi galimoto, osati chingalawa cha Nowa.

Chachitatu ndi chozizwitsa chimene chandisowetsa tulo. Pa ukwati wa mphwanga mu 2021, nditakhala kutsogolo, ndinawerenga ndi maso angawa makilomita 182,000. Lero chithunzi chanu chikuti 96,000. Chiyambire masiku a mfumu Hezekiya, pamene mthunzi unabwerera m'mbuyo, sindinamvepo chinthu chokalamba chobwerera kuubwana, ndipo ngati mmisiri wake alipo ku Limbe, mundilozere akakonzeko mawondo anga. Jambulani mphira wa pa buleki ndi chiwongolero, chifukwa zimenezo sizidziwa kunama zaka.

Za sevisi, musandiyankhe kuti “timaisamala”, koma mundiuze kuti oyilo munasintha liti, pa makilomita angati, ndiponso ngati fyuluta inasinthidwa kapena inangopukutidwa ndi kupemphereredwa. Galimoto ya ntchito yotere, yopuma fumbi ndi kusenza anthu ndi nanazi, iyenera oyilo watsopano pa makilomita 5,000 alionse. Giyabokosi yake ndi ya CVT, imene imamwa oyilo wakewake, ndipo wothiramo wamba amaipha pang'onopang'ono. Ikamanjenjemera ponyamuka kapena kulira pokwera zitunda za Thyolo, nenani. M'mawa injini isanatenthe, tsegulani chotsekera oyilo: mukaona zonga tiyi wamkaka, madzi alowa kale, ndipo mwina inawirapo n'kupsereza gasiketi. Kenaka muilize wina akujambula kumbuyo, pakuti utsi wabuluu umanena kuti ikudya oyilo.

Potsiriza, nditumizireni chithunzi cha bulubuku pambali pa nambala ya chasisi yosindikizidwa pachitsulo, kuti ndione ngati zikugwirizana ndiponso ngati dzina lili m'menemo ndi lanu, kuopa kuti tingakafike ku Road Traffic n'kumva kuti mwini wake weniweni ali ku Milange.

Musapse mtima, Alamu, pakuti safunsa anadya phula. Chipsera chilichonse chimene munene nokha tidzachichotsera mtengo mwamtendere, n'kugulana ndithu. Koma chimene ndidzachipeze ndekha pa Khirisimasi, ndidzakachitula kwa mlongo wanga, amene ukali wake mukuudziwa kuposa ine.

Moni kwa onse, ndi kwa mtengo wa bulugamu uja ngati unachira.

Ndine mlamu wanu,
Wa ku Joni