Usiku umene laputopu inafa, wakupha ali m'nyumba momwemo

Pakhomo panga kuno ku Chilobwe, katswiri wa zamagetsi ndine. Udindowu sanandipatse munthu. Ndinadzipatsa ndekha chaka chimene ndinasintha babu la pakhonde osagwa pampando, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chokhala ndi nthambo chikadwala, amaitana ine. Ndimafika, n'kuchiyang'ana mwaukali, n'kuchimenya kawiri kumbuyo. Wailesi imamva mankhwala amenewa. Zina zonse zimapita kwa aneba okonza mawailesi.

Lachitatu lija, cha m'ma 9 koloko usiku, mwana wanga wamkazi amene akuphunzira za unamwino anakuwa kuchipinda ngati waponda njoka. Mayeso ake anali 8 koloko m'mawa mwake, manotsi onse a teremu ali m'laputopu, ndipo laputopuyo inali itangoti zii, sikirini bii. Akadina batani loyatsira, osamveka ngakhale kamphepo ka fani.

Ndinalowa ndi chidaliro cha sing'anga wa kumsika. "Ndi vairasi imeneyi," ndinatero ndisanaikhudze n'komwe. Ataona kuti ndakweza dzanja kuti ndipereke mankhwala a wailesi aja, anandigwira mkono. Ndinanena zoti tiiike mumpunga, poti ndinamva kuti foni amatero. Mayi a kunyumba anayankha ali kukhitchini kuti mpunga umene ulipo ndi wa Lamulungu, ndipo makinawo sanagwe m'madzi. Ndinatchulakonso za anthu ansanje, poti mwana akamakhoza sukulu si onse amakondwa.

"Ababa," anatero mwanayo atapukuta misozi, "wodwala akafika atakomoka sitiyamba n'kumung'amba pamimba. Timayamba taona ngati akupuma. Mungondigwirira tochi."

Umu ndi mmene katswiri anasandukira chogwirira tochi.

Choyamba anafuna kudziwa ngati makinawo afadi kapena ndi sikirini yokha yomwe yagona. Anandiuza kuti ndiwalitse tochi cham'mbali pagalasi, iye n'kuyandikitsa nkhope. Akuti nyale ya kuseri kwa sikirini ikapsa, makina amakhala akugwira ntchito bwinobwino, ndipo ukawalitsa tochi umaona zilembo zili mbuu ngati chithunzi chakale. Panalibe kanthu. Anadina batani lolembedwa `Caps Lock` kangapo kuti aone ngati kanyale kake kayaka. Ayi ndithu. Anaika khutu pansi pake kumvetsera fani, anagwira ndi chikhatho kuona ngati pakutentha. Panali pozizira ngati mwala wa kudambo. "Ndiye kuti sikirini ilibe mlandu," anatero. "Moto sukufika."

Kenako anazula chaja, mausi ndi fulashi, n'kukanikiza batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30. Zimenezi akuti zimachotsa kamoto kotsalira m'kati, kamene nthawi zina kamachititsa makina kukakamira osafuna kudzuka. Ine ndinawerenga mokweza mpaka 30, ndipo ndi ntchito yokhayo usiku umenewo imene ndinaigwira popanda cholakwa. Anabwezera chaja, n'kudina. Zii.

Apa m'pamene anaona chinthu chimene ine, ndi maso anga awiri komanso tochi m'manja, sindinachione. Pambali pa kabowo kolowetsa chaja pali kanyale kakang'ono ngati kambewu ka mapira, kamene kamayaka batire likamalandira moto. Kanali kozima. Anakhala kaye chete, kenako n'kuyamba kufotokoza ngati akulemba mbiri ya wodwala. Magetsi anali atazima masana onse, iye akuwerengera pa batire. Atabwera cha m'ma 7, analowetsa chaja osayang'ana ngati chikutchajadi. Mawu anali atatseka kuti ang'ono ake asamusokoneze, ndipo batire lake ndi lokalamba, la mtundu uja umati watsala ndi 20 peresenti kenako n'kugwa chagada osatsanzika. Ndiye kuti kwa maola awiri makina ankadya za m'nkhokwe, mwiniwake akuganiza kuti akudya za kumunda.

"Moto umayenda ngati madzi a m'paipi," anatero. "Tiyambire kukhoma, tizitsata mpaka tipeze pamene watsekeka. Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tikasintha ziwiri pamodzi, sitidziwa chimene chinali chodwala."

Anazula chaja pa ekisitenshoni, n'kulowetsapo chaja cha foni yanga pabowo lomwelo. Foni inalira kuti ikutchaja. Soketi ndi ekisitenshoni zinatuluka m'bwalo zopanda mlandu. Panatsala nthambo yakuda yochokera kukhoma, kabokosi kolemera kaja ka pakati, nthambo yopyapyala yopita kumakina, ndi makinawo. Ine ndinaumirira kuti vuto lili m'kati mwenimweni mwa laputopu, ndipo ndinapita kukatenga sikuludiraiva. Panthawiyi ndinkanena ndi mtima woyera. Mtima unayamba kuda patsogolo pake.

Anandituma kwa aneba kukabwereka mita yoyezera magetsi. Kugogoda pakhomo la munthu 10 koloko usiku kuti akubwereke chida chimene iwe sudziwa n'kogwirira komwe kumafuna kulimba mtima. Anebawo anatulukira pawindo, n'kundipatsa kabokosi kachikasu ka nthambo ziwiri, yofiira ndi yakuda, n'kunena kuti, "Mupatse mwanayo, inu musakhudze."

Mwanayo anatembenuza kabokosi ka chaja n'kuwerenga timalemba ta kumimba kwake: `OUTPUT 19V 3.42A`. Anandifotokozera kuti kukhoma kumabwera mavolti 230, ndipo ntchito ya kabokosiko ndi kuwatsitsa kufika pa 19, amene laputopu imatha kumeza. Ndinafunsa ngati mavolti 19 si ochepa kwambiri, poti ine nditaimira ukomiti wa chitsime ndinapeza mavoti 19 omwewo n'kulephera. Sanaseke. Anapotoza mita kuika pa `20` mbali ya `DC`, nthambo yakuda n'kukhudzitsa kunja kwa kamutu kachitsulo kolowa m'laputopu, yofiira n'kulowetsa m'kati mwake mosamala kuti ziwirizo zisakhudzane. Chaja chamoyo chimaonetsa 19 kapena kupitirirako pang'ono. Mita inalemba `0.00`.

Anapinda nthambo yopyapyala ija uku ndi uku, makamaka pakhosi pamene imalowa m'kamutu ndi pamene imatuluka m'kabokosi, poti m'pamene mawaya amathyokera m'kati chikopa chili bwinobwino. Ikanakhala yothyoka, manambala akanaphethira. Sanasunthe. Nkhope yake inamasuka koyamba usiku umenewo. "Laputopu mwina ndi yamoyo, Ababa. Ndi njala chabe."

Ndinati ndiye titsegule kabokosiko ndi mpeni. Anakana kwamtuwagalu. Akuti m'kati mwake muli tizigawo tosunga moto tomwe timatha kukutchaya ngakhale utazula kukhoma, ndipo kabokosiko kakafa, kafa, umangogula kena kofanana mavolti ndi kamutu. Koma tisanakaweruze, panali nthambo yakuda ija yoti iyezedwe.

Anaizula kukhoma, n'kuizulanso kukabokosi, n'kuigoneka patebulo yokhayokha. Anapotoza mita kuika pachizindikiro chonga mafunde a mawu, n'kukhudzitsa nthambo ziwiri zija: pii. Ndiye kuti mita ikalira, njira ndi yotseguka. Pulagi yathu ili ndi mano atatu, ndipo mbali inayo ili ndi mabowo atatu, dzino lililonse ndi bowo lake. Dzino lalitali la pamwamba: pii. Dzino lina la m'munsi: pii. Lachitatu analiyesa m'mabowo onse atatu. Chete.

"Dzino limeneli ndi limene limadutsa pa fyuzi," anatero, akutembenuza pulagi.

Abale anga, apa m'pamene tochi inayamba kunjenjemera.

Ndikuuzeni za m'mawa wa tsiku lomwelo. Magetsi asanazime, ketulo yathu inakana kuwira. Monga katswiri, ndinadziwa kuti ndi fyuzi, ndipo pamenepo ndinalondola. Ndinayang'ana m'nyumba monse kufuna pulagi yobwerekako, n'kupeza chaja cha mwanayo chili pampando, mwiniwake akusamba. Ndinatokosa kachitseko ka pakati pa mano ndi mpeni wa anyezi, n'kutulutsa kafyuzi kolembedwa zofiira, n'kukaika m'ketulo. Ketulo inayaka, inayamba kung'ung'udza, ine n'kudzitama mumtima, kenako inangoti thi. Ndinati ketuloyi yatha basi. Kafyuziko ndinakabwezera mwakachetechete kumene ndinakatenga, kakuoneka koyera bwino ngati sikanachite kanthu. Poti ndi kadothi, sikaonetsa za m'kati ngati timagalasi ta m'wailesi tija. Ndinaiwala zonsezi tsiku lonse, mpaka pamene mwanayo anayandikitsa pulagi kutochi.

"Pakachitseko apa pali mikwingwirima yatsopano," anatero. Ananunkhiza. "Ndipo pakununkha anyezi."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ine ndinayang'ana kudenga, kuona ngati malata akudontha, mwezi wa Julaye.

Anatulutsa kafyuziko n'kukayeza kokha, nthambo uku ndi uku. Chete. Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno, ndipo iwo safuna mita kuti adziwe wolakwa. "Bambo a ana, paja ketulo ija munati mwaikonza bwanji m'mawa?"

Ndinaulula. Chilango changa chinali masamu. Mwanayo anatenga envulopu n'kulemba kuseri kwake: mavolti 19 kuchulukitsa ndi 3.42, chaja chake ndi cha mawati 65. Ukagawa 65 ndi 230 ya kukhoma, chimakoka mphamvu yosafika ngakhale theka la ampu imodzi, n'chifukwa chake fyuzi ya maampu 3, yofiira ija, imachikwanira. Ketulo yathu pansi pake palembedwa mawati 2000. Kugawa ndi 230, ndi maampu pafupifupi 9. Imafuna fyuzi ya 13, ya malemba a khofi. Ine ndinatenga mwana wa mbuzi n'kumumangirira ngolo ya ng'ombe.

Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinati vutoli n'laling'ono, tikulunge kafyuziko ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, monga timachitira amuna. Anandiyang'ana mmene manesi amayang'anira munthu wobwera ndi bala lopakidwa mafuta a galimoto. Fyuzi, akuti, anaipanga kuti izifa dala. Pakakhala vuto imapsa iyo kuti nthambo isatenthe n'kuyatsa nyumba, ndipo ukaikulunga ndi chitsulo wachotsa mlonda pageti. Anawonjezera kuti tikaika ina yabwino n'kupsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti chaja chenichenicho chili ndi shoti, tisachiyesenso kachitatu.

Fyuzi ya maampu 3 inapezeka m'pulagi ya TV yanga. Anaiyeza kaye: pii. Anaiika, analumikiza zonse, n'kuyezanso kamutu kaja. Mita inalemba `19.30`. Atalowetsa m'laputopu, kanyale ka mapira kaja kanayaka. Ndinathamangira batani, koma anandimenya padzanja, ati batire louma chonchi lisiyeni limweko kaye. Tinadikira mphindi 10, banja lonse litazungulira tebulo ngati tikudikira zotsatira za chisankho. Itakwana 11 koloko, fani inapuma, sikirini inawala, manotsi ali pomwe anawasiya. Asanawerenge mzere ndi umodzi womwe, anawakopera onse pa fulashi ndi pafoni, akundiyang'ana ine.

Mayeso analemba, ndipo akuti anayenda bwino. Ine ndinapita ku Limbe kukagula mafyuzi awiri, yofiira ndi ya khofi, nditalemba manambala padzanja kuti ndisasokoneze. Nditabwerako ndinapeza sikuludiraiva yanga kulibe, mpeni wa anyezi uli m'kabati yokhoma. Mita ndinakabweza ndekha, ndipo aneba anaiyang'ana mbali zonse asanailandire, n'kufunsa ngati ndinaikhudza.